Kulonjerera ngongole popanda kuyambana: kusandutsa uthenga waukali kukhala chikumbutso cholimba

Mukapereka katundu pangongole, tsiku lolipira n'kudutsa, foni n'kuyamba kuitana osayankhidwa, uthenga woyamba kubwera m'mutu umakhala wamoto. Ukaliwo ndi womveka, chifukwa ndalamazo ndi mpamba wanu. Vuto lake ndi lakuti uthenga waukali umam'patsa wangongole nkhani ina yoti ayankhe. M'malo monena tsiku lolipira, amayankha kuti "mwandinyoza", ndipo kuyambira pamenepo mukukambirana za ulemu, ndalama zija zili pambali. Ntchito yonse yokonza uthenga wotere ndi kutseka njira zothawirazo, kuti patsale chinthu chimodzi chokha choti ayankhe: alipira zingati, ndipo liti.

Tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti ndinu mlimi wa nkhuku zoikira ndipo mumapereka mazira ku loji ina mu Lilongwe. Munagwirizana kuti azilipira pakatha masiku 14. Pa 4 Malichi munapereka mathileyi 40 pa mtengo wa K12,000 thileyi imodzi, zonse K480,000. Pa 18 Malichi munaperekanso mathileyi 35, omwe ndi K420,000. Pa 10 Epulo anakutumizirani K200,000 pa Airtel Money, kenako zii. Lero ndi Lachiwiri pa 22 Epulo, chakudya cha nkhuku chatsala matumba awiri, ndipo mwalemba chonchi kwa manijala:

"Iwe, ndatopa nawe. Mazira anga munagulitsa kalekale koma ndalama zanga ayi. Foni sukuyankha, ukundiyesa chitsiru eti? Ndinu akuba anthu inu. Ukapanda kundipatsa ndalama zanga zonse lero lomwe uona, ndikuyalutsa pa Facebook ndipo ndibwera ndi apolisi."

Gawo loyamba: lembani ukaliwo, koma pamalo posatumizika

Musalimbane ndi mtima kuti musalembe. Lembani zonse, koma papepala kapena m'malo olembamo zinthu a m'foni, osati m'bokosi la WhatsApp la munthuyo, pamene chala chingaterereke. WhatsApp imalola kufufuta uthenga mbali zonse ziwiri, koma imasiya chizindikiro choti pafufutidwa kanthu, ndipo nthawi zambiri munthuyo amakhala atawerenga kale kapena kujambula. Uthenga wamawu ndiye woopsa kwambiri, chifukwa liwu limanyamula mkwiyo wonse ndipo sungakonzedwe. Nkhani ya ngongole izipita yolembedwa.

Mukalemba, gonani kaye. Uthenga wolembedwa usiku uziwerengedwanso m'mawa.

Gawo lachiwiri: tsimikizani nambala musanakonze mawu

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene pagona mphamvu ya uthenga wonse. Taonani uthenga waukali uja: mulibe nambala ngakhale imodzi. "Ndalama zanga zonse" ndi zingati? Manijala akhoza kuyankha kuti "si tinakutumizirani sabata yatha ija?", ndipo sananame, chifukwa K200,000 ija inabweradi.

Yalani patebulo mapepala anayi. Loyamba ndi oda yawo, kaya ndi LPO, lomwe ndi pepala lodindidwa loodera katundu, kapena uthenga wa pafoni woitanitsa katundu. Lachiwiri ndi pepala limene wolandira katundu anasaina tsiku limene munatsitsa mazira. Lachitatu ndi invoisi yanu, yokhala ndi nambala ndi deti. Lachinayi ndi umboni wa ndalama iliyonse imene yalowa kale, monga uthenga wa Airtel Money, wa TNM Mpamba kapena sitetimenti ya ku banki. Pa anayiwa, lolemera kwambiri ndi lachiwiri. Invoisi mumalemba nokha, pamene siginecha ya wolandira katundu ndi mawu a iwowo ovomereza kuti mazira anafika, ndipo anafika angati. Ngati pepalalo palibe, yang'anani uthenga uliwonse umene anayankha kuti "talandira".

Kenako werengetsani papepala. Ndalama zimene zalowa muzichotse pa invoisi yakale kwambiri, pokhapokha ngati iwo ananena kuti akulipira ina. Pa chitsanzo chathu, invoisi 0412 ya K480,000 inayenera kulipidwa pa 18 Malichi; kuchotsapo K200,000 kwatsala K280,000, ndipo yachedwa ndi masiku 35. Invoisi 0419 ya K420,000 inayenera kulipidwa pa 1 Epulo, yachedwa ndi masiku 21. Zonse pamodzi K700,000. Nambala imeneyi ndiyo ilowe mu uthenga, osati K900,000 imene mtima ukukumbukira. Mukalakwitsa nambala ngakhale pang'ono, mwawapatsa sabata ina yaulere yoti "tikuonanso mabuku".

Pali chinthu china chimene chimayambanitsa anthu pachabe. Makampani ndi mabungwe ambiri akamalipira woperekera katundu amadulako msonkho wa 3 peresenti n'kukapereka ku MRA m'dzina lake, pokhapokha ngati iye ali ndi satifiketi yoti asadulidwe. Pa invoisi ya K480,000 ndiye kuti adula K14,400, inu n'kulandira K465,600. Ngati chimene chikupelewera chikufanana ndendende ndi 3 peresenti, sanakubereni. Chofunika kuitanitsa pamenepo ndi satifiketi yosonyeza kuti msonkhowo unadulidwa, chifukwa mudzaifuna powerengetsa msonkho wanu. Munthu wolemba kuti "mwandibera K14,400" amaonetsa akauntanti kuti sadziwa mabuku ake, ndipo mauthenga ake otsatira amapepuka.

Gawo lachitatu: dulani zonse zimene angayankhe m'malo mwa ngongole

Tengani cholembera, muwerenge uthenga waukali uja chiganizo chimodzichimodzi. Pa chilichonse dzifunseni kuti: kodi akafuna kuzemba, angagwire apa? Ngati angagwire, dulani.

"Iwe" achoke msanga. Ngakhale manijalayo akhale mwana wamng'ono kwa inu, kapena munaphunzira naye limodzi, pa nkhani ya ndalama ndi "inu", ndipo ndi "Bambo" kapena "Mayi" ndi dzina la bambo awo kapena mfunda. Chifukwa chake si ulemu wokha. Uthenga umenewu ukhoza kutumizidwa kwa mwini loji, ukhoza kudzawerengedwa ndi loya kapena majisitireti, ndipo aliyense wouwerenga aone kuti wolakwa ndi mmodzi yekha. Samalaninso ndi mbali inayi: "achimwene", "asisi", "amwene" ndi mawu abwino pocheza, koma amaikokera nkhaniyo ku chibale, kumene ngongole imadikira mpaka zinthu zitayenda bwino.

"Ndatopa nawe" ndi "ukundiyesa chitsiru eti?" akunena za mtima wanu, ndipo funso lachiwirilo lilibe yankho lobweretsa ndalama. Dulani. "Foni sukuyankha" muli mfundo yoona, choncho musaitaye, ingoisandutsani kukhala chochitika chokhala ndi deti: "Ndinaimba pa 15 ndi pa 17 Epulo koma sitinalankhulane." Onani kuti chiganizo chatsopanochi sichikuweruza chifukwa chimene sanayankhire. Chikungoika poyera kuti munayesa.

"Ndinu akuba" ndi mawu owononga kuposa onse. Munthu wochedwa kulipira si wakuba, ndi wangongole, ndipo mukamutchula wakuba mwamuchotsera manyazi amene akanamukankha kuti alipire. Tsopano akudziona ngati wolakwiridwa. Mawuwa mukawalemba pagulu, monga pa gulupu ya amalonda anzanu, akhozanso kukusumirani kuti mwaipitsa mbiri yake.

Chatsala ndi chiopsezo. Apa lamulo lake ndi limodzi: musalembe chimene simudzachita, kapena chimene simuloledwa kuchita. Ngongole ya malonda imene munagwirizana mwaufulu si mlandu wa kupolisi, imathera ku khothi ngati mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo manijala wodziwa ntchito yake akudziwa zimenezi. Akaona "ndibwera ndi apolisi" amazindikira kuti mulibe pogwira. Kuyalutsa munthu pa Facebook nakonso kukhoza kukutembenukirani, chifukwa lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo pa intaneti limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera m'mauthenga a pa makina. "Uona" ndiye sanena kanthu n'komwe, koma akhoza kumveka ngati mukufuna kumuvulaza. Zimene mungachitedi ndi zitatu: kuimitsa katundu, kusiya kupereka pangongole, ndi kupita ku khothi. Zimenezi zisungeni, zidzalowa pa nthawi yake.

"Lero lomwe" nayenso achoke. Pamalo pamene cheke amasaina anthu awiri, kapena pamene amalipira tsiku limodzi pa sabata, lero n'zosatheka, ndipo tsiku losatheka likadutsa popanda chochitika, masiku anu onse otsatira amaoneka ngati nthabwala.

Mukamaliza kudula mupeza kuti pa uthenga wonse uja patsala mfundo zikuluzikulu ziwiri: mazira anafika, ndalama sizinafike. Nzokwanira kumangirapo.

Gawo lachinayi: fufuzani amene amatulutsa ndalama

Nthawi zambiri amene amaoda katundu si amene amalipira. Wophika wamkulu kapena wosunga sitolo amaitanitsa mazira, manijala amavomereza, akauntanti amakonza malipiro, mwiniwake amasaina. Mukhoza kumukalipira wosunga sitolo mwezi wathunthu iye alibe mphamvu pa tambala imodzi, ndipo mwina foni sakuyankha chifukwa cha manyazi. Funsani modekha kuti: "Kodi amene amakonza malipiro a operekera katundu ndi ndani, ndipo mumalipira masiku ati?" Yankho la funso limeneli limakupatsani munthu woyenera kumulembera komanso tsiku loyenera kutchula. Ngati amalipira Lachisanu, uthenga wanu ufike Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, nthawi ya ntchito, mndandanda wa olipidwa usanatsekedwe. Uthenga wa Lamulungu madzulo umawerengedwa pakati pa za pakhomo ndipo pofika Lolemba wakwiririka.

Musayambe ndi kudumpha manijala n'kupita kwa mwiniwake. Khomo limenelo lidzafunika pa uthenga wachiwiri, ndipo manijala amene mwamudumpha asanapatsidwe mpata amasanduka mdani amene ali ndi invoisi yanu m'dirowa.

Gawo lachisanu: mangani uthenga watsopano

Ukhale ndi moni wachidule, kenako chimene chatsala ndi kumene chachokera, kenako tsiku limene mukufuna ndalamazo, njira yolipirira, ndipo pomaliza funso limodzi. Uzikwana pa sikirini ya foni osatsitsa kawiri. Nawu uthenga uja utakonzedwa:

"Mwadzuka bwanji Bambo. Ndikukumbutsani za malipiro a mazira amene tinapereka ku loji kwanu. Invoisi 0412 ya pa 4 Malichi yatsala K280,000, titachotsa K200,000 imene munatumiza pa 10 Epulo, zikomo. Invoisi 0419 ya pa 18 Malichi, ya K420,000, sinalipidwe. Zonse pamodzi ndi K700,000. Monga tinagwirizana masiku 14, yoyamba inayenera kulipidwa pa 18 Malichi, yachiwiri pa 1 Epulo. Ndikupempha kuti ndalamazi zilipidwe pofika Lachisanu pa 25 Epulo, ku akaunti imene ili pa invoisi. Ndatumiza zithunzi za mainvoisi onse awiri ndi mapepala amene munasaina polandira. Kodi mungatsimikize lero kuti Lachisanu zitheka?"

Zingapo mwa uthengawu n'zofunika kuziona pafupi. Kuthokoza K200,000 ija si kudzichepetsa. Kukusonyeza kuti mabuku anu ndi olondola, ndipo kukutseka yankho lakuti "tinakupatsaniko". Mawu akuti "sinalipidwe" ndi "zilipidwe" akuloza invoisi, osati munthu. Yerekezani ndi "simunalipire", amene ndi oona koma amalasa. Pa uthenga woyamba lozani pepala, kuti munthuyo akhale ndi mpata wokonza zinthu popanda kuvomera kuti ndi wolakwa. Anthu ambiri amalipira msanga akapatsidwa njira yotulukira ulemu wawo uli wonse.

Tsiku lalembedwa ndi dzina lake komanso deti. "Sabata ino", "posachedwa" ndi "kumapeto kwa mwezi" ndi mawu otanuka, aliyense amawakoka mmene akufunira. Zithunzi zikutseka yankho lakuti "invoisi sitikuiona". Ndipo funso lomaliza ndi loyankhika ndi inde kapena ayi. Mukafunsa kuti "nanga ndalama zija zili pati?", mwaitanitsa nkhani yaitali ya mavuto a loji. Mukafunsa ngati Lachisanu zitheka, woti akane ayenera kutchula tsiku lina, ndipo tsiku limene watchula yekha ndi limene mudzamugwire nalo.

Nanga za chakudya cha nkhuku chimene chatsala matumba awiri? Ambiri amafuna kuzilemba kuti amvedwe chisoni. Ife tikuti zisiyeni. Ndalamazo mukuziyenera chifukwa munapereka katundu, kaya nkhuku zili ndi chakudya kaya zilibe. Mukayamba kufotokoza mavuto anu, iwonso afotokoza awo, ndipo wa loji amene alendo achepa sadzasowa chonena. Ngati mukufuna kutchula, chikhale chiganizo chimodzi cholumikiza malipiro ndi katundu wawo yemwe: "Malipirowa ndi amene amatithandiza kuti tizikupatsani mazira Lachiwiri lililonse osadukiza."

Gawo lachisanu ndi chimodzi: onetsetsani kuti simunafewetse mopyola

Munthu akachotsa ukali, kawirikawiri amagwera mbali inayo n'kulemba chonchi: "Pepani kukuvutitsani abwana, ndimati mwina mukapezako kangachepe mundiganizireko, zinthu zavuta kuno." Uthenga wotere ndi waulemu, koma wasandutsa ngongole kukhala chithandizo. "Mukapezako" wawapatsa ufulu wosankha tsiku, "kangachepe" wawalola kutumiza K50,000 n'kudziona kuti achita bwino, ndipo "pepani" akuonetsa ngati wolakwa ndinu. Pa mndandanda wa akauntanti, wolemba chonchi amakhala womaliza, chifukwa waonetsa kuti akhoza kudikira.

Yesani uthenga wanu motere. Uwerengeni mokweza ngati mukuuza munthuyo maso ndi maso pamaso pa bwana wake. Ngati pali mawu amene mungachite nawo manyazi, ukali udakalipo. Kenako upatseni munthu wosadziwa nkhaniyi, mumufunse kuti ngongoleyo ndi zingati ndipo ikufunika liti. Akalephera kuyankha mwachangu, mwafewetsa kwambiri. "Chonde" mmodzi ndi "zikomo" mmodzi akwana. Tizithunzi ta manja opempha kapena ta nkhope yolira tisakhalepo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: konzekerani mayankho awo

Mayankho a wochedwa kulipira sasiyana kwenikweni, ndipo apa ndi pamene ukali umabwereranso ngati simunakonzeke. Njira yake ndi yomweyo nthawi zonse: vomerezani zimene anena m'mawu ochepa, kenako bwererani ku nambala ndi tsiku.

Akati "bwana sanasaine", musatsutse. Yankhani kuti: "Ndamva. Abwanawo asaina liti, kuti ndilembe tsikulo? Ngati kungathandize, ndipatseni nambala yawo ndiwatumizire mapepalawa." Ngati bwanayo akuchedwadi, mwathandiza. Ngati chinali chozembera, chatha mphamvu.

Akati "nafenso sanatilipire", mwina ndi zoona, makamaka kwa amene amachita malonda ndi mabungwe ochedwa kulipira. Koma pangano lanu silinanene kuti mudzalipidwa iwo akalipidwa. Apa ndi poyenera kutsegula khomo la kulipira pang'onopang'ono, koma nambala muike ndinu: "Ndikumvetsa. Tichite chonchi: K280,000 yotseka invoisi 0412 pofika pa 25 Epulo, K210,000 pa 2 Meyi, ndi K210,000 pa 9 Meyi. Mukavomera, yankhani pompano kuti mwavomera." Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo K280,000 ya Lachisanu lino iposa lonjezo la K700,000 lopanda tsiku. Amalonda amene ndalama zawo zinali m'manja mwa angongole pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anaona okha kuti ngongole yochedwa imabwera nambala ili yomweyo koma yosagulanso matumba omwe aja a chakudya cha ziweto.

Akati "mazira ena anali osweka", musapse mtima ngakhale akunena patatha mwezi. Funsani kuti anali angati ndipo a tsiku liti, muyerekeze ndi pepala losainidwa lija. Kenako lekanitsani: "Za mathileyi atatu amene mukunenawo, K36,000, tikambirana padera. Ndalama zotsalazo, K664,000, palibe wotsutsa, ndiye zilipidwe Lachisanu monga ndapempha." Mukapanda kulekanitsa, mathileyi atatu amanga ndalama za mathileyi onse.

Akaimba foni m'malo molemba, lankhulani nawo bwinobwino, koma mukangodula lembani: "Zikomo poimba. Monga tagwirizana pafoni, mutumiza K280,000 pa 25 Epulo, zotsalazo pa 2 ndi pa 9 Meyi." Lonjezo la pakamwa limaiwalika, ndipo yankho lawo lakuti "inde" pansi pa uthenga umenewu ndi umboni woti ngongoleyo akuidziwa. Akatumiza chithunzi chosonyeza kuti alipira, musathokoze musanaone ndalamazo mu akaunti yanu. Lembani kuti "ndaona chithunzi, ndikudziwitsani zikalowa."

Gawo lachisanu ndi chitatu: uthenga wachiwiri ndi wachitatu

Tiyerekeze kuti Lachisanu ladutsa, palibe ndalama, palibe yankho, koma tizizindikiro tiwiri ta buluu tikuonetsa kuti anawerenga. Musatumize mauthenga khumi Loweruka. Wotumiza "mwaona?", "ndikudikira", "halo?" motsatizana amaphunzitsa mnzake kuti mauthenga ake ndi osafunika kuwerenga. Dikirani Lolemba m'mawa pa 28 Epulo, mutumize umodzi, wofupikirapo kuposa woyamba. Kulimba kwa uthenga wachiwiri kusachokere m'mawu okuluwika kapena m'zilembo zazikuluzikulu. Kuchokere pa chotsatira chimene tsopano mukuchitchula:

"Mwadzuka bwanji Bambo. Pa 22 Epulo ndinapempha kuti K700,000 ya mainvoisi 0412 ndi 0419 ilipidwe pofika pa 25 Epulo. Mpaka lero sinalowe ndipo sindinalandire yankho. Chonde lipirani pofika Lachisanu pa 2 Meyi. Kuyambira sabata ino sititha kuperekanso mazira pangongole mpaka ndalamazi zitalipidwa. Oda iliyonse yatsopano ikhala yolipiriratu. Uthengawu ndatumizanso kwa akauntanti ndi kwa eni loji kuti onse adziwe pamene nkhaniyi ili."

Mawu asintha pang'ono. "Zilipidwe" wasanduka "lipirani", ndipo funso lija lachoka. Moni ndi "Bambo" zikadalipo, ndipo zidzakhalapo mpaka kalata yomaliza. Kuwauza kuti mwadziwitsa eni ake n'kofunika. Kuchita mobisa kumaoneka ngati miseche, pamene kuchita poyera ndi ndondomeko chabe.

Chimene mwalemba muchichite. Lachiwiri likafika iwo n'kuimba kuti "tibweretsereniko mathileyi 20 okha, alendo abwera", mukanyamula mazirawo pangongole ndiye kuti mauthenga onse awiri afafanizika, ndipo ngongole yakwera kufika K940,000. Yankho lake ndi lofatsa: "Mazira alipo. Mathileyi 20 ndi K240,000, mukatumiza tinyamuka nthawi yomweyo." Kawirikawiri tsiku limeneli, limene iwo akufuna katundu wanu, ndi limene ngongole yakale imayamba kuyenda. Musagwiritse ntchito ndalama za oda yatsopano kutsekera ngongole yakale n'kuwamana mazira, chifukwa mukatero wophwanya pangano mukhala inu.

Chiwongoladzanja musachitulukire panjira. Ngati pa invoisi kapena pa pangano lanu panalembedwa kale kuti wochedwa adzawonjezera mwakutimwakuti, chikumbutseni pa uthenga wachiwiri. Ngati panalibe, kulemba kuti "tsiku lililonse ndiziwonjezera K10,000" kumamveka ngati katapila, ndipo kumawapatsa chinthu chatsopano chokangana nacho. Chilembeni pa mainvoisi a mtsogolo.

Mwina mukuwerenga izi uthenga waukali uja mutautumiza kale. Sizinawonongeke zonse. Pepesani mawuwo m'chiganizo chimodzi, osapepesa ngongoleyo: "Bambo, mawu amene ndinalemba dzulo sanali oyenera, pepani. Nkhani ya malipiro ili chonchi." Pansi pake ikani uthenga wa manambala uja. Musafotokoze chifukwa chimene munakwiyira, chifukwa mukatero mwayambitsanso mkangano womwewo.

Pa 2 Meyi pakadutsanso, chachitatu chisakhale cha pafoni. Ikhale kalata yapapepala, yokhala ndi deti, dzina la bizinesi yanu ndi siginecha, yopita kwa eni loji. Muikemo mainvoisi awiri aja ndi ndalama zake, madeti a zikumbutso ziwiri zija, tsiku lomaliza lopatsa masiku 7 kapena 14, ndi chiganizo chimodzi chonena chotsatira: "Ndalamazi zikapanda kulipidwa pofika pa 19 Meyi, nkhaniyi ndiitengera ku khothi popanda kukudziwitsaninso." Chiganizo chimenechi muchilembe pokhapokha ngati mwatsimikiza mtima kupita, ndipo ndi bwino kuyamba mwafika ku khothi la majisitireti la m'dera lanu kukafunsa kalaliki za ndalama zolembetsera mlandu ndi mapepala ofunika. Sindikizani makope awiri, mupite nawo nokha kapena mutume munthu wodalirika, wolandira asaine ndi kulemba deti pa kope yanu, adindepo ngati ali ndi chidindo. Akakana kusaina, wotumidwayo alembe pa kopeyo tsiku, nthawi ndi udindo wa amene wakanayo. Kope imeneyo muisunge mu envulopu imodzi ndi mapepala anayi aja, pamodzi ndi zithunzi za mauthenga onse zoonetsa madeti ake, ndipo zithunzizo muzisungenso kwina kunja kwa foniyo, chifukwa foni ikatayika kapena kufa mauthengawo amapita nayo.